Mayi Zainabo Akhalira Matumba a Nandolo ku Cuamba

Ku Mandimba aliyense amene anasinthako ndalama pafupi ndi malire amawadziwa mayi Zainabo. Ndi mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu oti akaseka pamsika agalu a ku Chiponde amauwa. Anabadwira konko, sukulu analekezera kalasi yachinayi, koma masamu a kwacha ndi metikali amawachita pamutu wina asanatulutse n'komwe foni m'thumba. Anakwatiwapo kawiri. Mwamuna woyamba anamwalira, ndipo za iye salankhula zoipa. Wachiwiri, bambo Faizali, ali moyo, ali ndi lole yoyera yonyamula mbewu, ndipo za iye salankhula zabwino.

Kwa zaka zambiri mpamba wawo ankausunga pamfundo ya kapulana, chitenje chawo cha m'chiuno. Kenako kwacha inagwa tsiku limodzi ngati munthu woledzera, mpamba n'kutsala theka. Apo m'pamene anzawo osintha ndalama anawaonetsa za madola a m'foni, aja amawatcha USDT. Umagula pa pulogalamu ya msika wa ndalama zoterezi, n'kumakhala m'menemo osaonda. Ukafuna metikali, umagulitsa kwa munthu wina momwemo, iye n'kukutumizira ndalama pa nambala yako. Mayi Zainabo anazigwira msanga, mpaka anayamba kunyoza anzawo oyenda ndi mitolo ya ndalama.

"Zanu zimanunkha thukuta la m'khwapa," ankatero. "Zanga ngakhale khoswe sazidziwa."

Chaka chatha, nyengo ya nandolo, anamvana ndi bambo Bernardo a ku Cuamba, amene ali ndi nyumba yosungiramo mbewu kuseri kwa siteshoni ya sitima, kuti adzagula matumba makumi asanu ndi limodzi. Bambo Bernardo ndi munthu wa kutchalitchi, wofatsa, woopa phokoso. Anati awasungira mpaka Lachinayi, 3 koloko masana.

Lachiwiri m'mawa foni ya mayi Zainabo inagwera m'chimbudzi. Anali ataiika m'kamisolo monga mwa masiku onse, n'kuwerama, basi. Anaimva ikufika pansi. Anaima kanthawi akuyang'ana m'dzenjemo, n'kunena kuti ngakhale madola ali ndi malire ake. Tsiku lomwelo anakatenga khadi lina la nambala yawo yomwe ija, ndipo Lachitatu anakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba.

Foni yatsopano anaigula kwa Lucas, bambo wa ndevu zaimvi amene amakonza ndi kugulitsa mafoni pakhonde la sitolo ina pamsika. Lucas anaikamo pulogalamu ija n'kufunsa senya, mawu achinsinsi olowera.

"Senya yake iti? Ine ndimangoika chala, n'kutseguka."

"Chala chinali cha foni yakale ija, mayi. Ino sikudziwani."

Anayesa dzina la mwana wawo, anayesa chaka chobadwa, zonse zinakana. Lucas anati palibe kuchitira mwina, asinthe senya. Manambala anabwera pa uthenga wa pafoni, ena pa imelo, kenako foni inafuna kuona nkhope yawo. Inawauza kuti aphethire, atembenuze mutu uku ndi uku.

"Faizali sanandiyang'anepo chonchi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero akuphethira.

Senya yatsopano anasankha okha, Lucas n'kuwalembera. Inali mawu onena za mimba ya bambo Faizali, ndi manambala awiri kumapeto. Pulogalamu inatseguka, madola onse ali momwemo. Anapuma. Koma atati agulitse, panatuluka mawu a Chipwitikizi m'kabokosi kachikasu. Lucas anawerenga n'kukanda ndevu.

"Akuti poti mwasintha senya pa foni yachilendo, kutulutsa ndalama ndi kugulitsa atseka kwa maola makumi awiri ndi anayi."

"Watseka ndani?"

"Eni pulogalamu. Akuopa kuti mwina ndinu wakuba amene watola nambala ya mayi Zainabo. Akupatsa mwiniwake tsiku limodzi loti adandaule."

"Mwiniwake ndi ine, ndipo ndikudandaula!"

Analembera a pulogalamuyo. Yankho linabwera laulemu kwambiri: ndalama zili bwinobwino, lamulolo palibe angalichotse, adikire. Nthawi inali itangopitirira pang'ono 2 koloko masana. Ndiye kuti mawa lake zitseguka kutatsala nthawi yosakwana ola kuti nthawi ya bambo Bernardo ikwane. Mayi Zainabo anakagona kwa msuweni wawo akutukwana.

Lachinayi m'mawa anapita kwa bambo Bernardo n'kuwaonetsa foni.

"Mwaona? Ndalama zanu ndi izi."

Bambo Bernardo anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa. "Ndaziona, mayi. Ngakhale nyama ya pachithunzi ndimaiona."

Cha m'ma 11 koloko lole yoyera inaima panja. Anatsikamo bambo Faizali, mimba patsogolo, chikwama chakuda m'khwapa. Anali atamva kuti pali nandolo wosalipiridwa. Anapereka moni kwa onse, kwa mkazi wawo wakale moni wautali mwadala.

"Ndamva kuti madola anu adzimbidwa, mayi a Rehema," anatero, powatchula ndi dzina la mwana wawo.

"Mwamva kwa ndani?"

"Kwa Lucas. Timasewera limodzi bawo ndikabwera kuno."

Mayi Zainabo anayamba kuganiza. Lucas ankadziwa senya. Ndipo ngati wanena za kutsekedwa kwa ndalama, za mimba zija angazisiye? Anatuluka panja, n'kukhala pamwala, n'kutsegula foni. Anakumbukira pamene Lucas anadina dzulo lake. Anasintha senya okha, bwinobwino, osalakwitsa ngakhale pamodzi, ndipo anadzimva kuti ndi munthu wophunzira. Kenako kabokosi kachikasu kaja kanatulukanso. Chipwitikizi chowerenga sachidziwa kwenikweni, koma nambala 24 anaizindikira.

Anamuimbira Lucas.

"Mwasinthanso? Mayi, kunatsala maola awiri okha! Tsopano zayambira poyamba. Mpaka mawa masana."

"Si inu mwauza Faizali senya yanga?"

"Ine? Ndangonena kuti foni yanu yavuta. Senya yotero ndingaitchule pamaso pa mwini mimba? Ndipo senya yokha sangalowe nayo, manambala aja amabwera pa foni yanu."

Mayi Zainabo anadula foni.  Mpamba wonse wa chaka anali atauyembekezera pa nandoloyo, ndipo cholakwa chinali chawo, panalibe woti amukalipire.

3 koloko itakwana, bambo Bernardo anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana chikwama cha bambo Faizali, n'kutsokomola.

"Mayi, mawu anga ndasunga. Tsopano pepani."

Matumba anali ataunjikidwa milu iwiri, makumi atatu uku, makumi atatu uku. Mayi Zainabo anavula nsapato, anamanga kapulana, n'kukwera pa mulu wa kukhoma ngati akukwera chulu. Atafika pamwamba anakhala, n'kutambasula miyendo.

"Gulitsani amene sindinakhalire," anatero. "Awa ali ndi mwini."

Amuna onyamula katundu anaseka mpaka wina anakhala pansi. Bambo Bernardo anachonderera, anatchula apolisi, kenako anachita manyazi okha. Kugwira mkazi wa eni n'kumutsitsa, iwo katekisiti wathunthu, sakanatha. Anatembenukira kwa bambo Faizali.

"Inu mumadziwana nawo. Atsitseni."

Bambo Faizali anayandikira, n'kukweza dzanja.

"Yesani," anatero mayi Zainabo. "Munandisudzula pamaso pa shehe. Ndine mkazi wachilendo kwa inu. Mundikhudze, mawa Lachisanu mukafotokoze kumzikiti."

Dzanja linabwerera m'thumba. Bambo Faizali analipira mulu winawo, amuna aja anaukweza mu lole, koma sananyamuke. Anati adikira, munthu sangakhale pa nandolo mpaka kalekale, chikhodzodzo chili ndi malamulo ake.

Pamenepo anali asanaganizire za mayi Júlia, akazi a bambo Bernardo. Iwo atamva nkhaniyi anabwera kudzaona, ndipo atamva kuti wodikirayo ndi mwamuna wakale, sanafunsenso zambiri. Anabweretsa mphasa, tiyi ndi chinangwa chophika. Mayi Zainabo akafuna kutsika kupita kuseri, mayi Júlia ankakwera n'kukhalapo iwo. Bambo Bernardo anangoyang'ana kudenga. Amayi awiriwo anagona momwemo, ndipo kutacha ankadziwana matenda onse ndi zolakwa zonse za amuna awo.

Lachisanu m'mawa anthu a pamsika ankabwera kudzasuzumira. Wina anafunsa ngati nandolo waswa anapiye. Mayi Zainabo foni anaipereka kwa mayi Júlia kuti aisunge, poopa kuti chala chawo chingachitenso zina.

Dzuwa litafika pamutu, kuitana kwa pemphero kunamveka. Bambo Faizali anazengereza, anayang'ana matumba, koma anthu ambiri ankawaona, ndiye anavala kofiya n'kupita. Patapita mphindi makumi awiri mayi Zainabo anaitanitsa foni. Kabokosi kachikasu kanali katachoka. Anasankha wogula wa mbiri yabwino, pulogalamu inagwira madola aja pakati, ndipo anadikira. Wogulayo analemba kuti watumiza, amasule msanga.

"Msanga wake uti? Ine ndadikira masiku awiri."

Anayamba atsegula akaunti ya pa nambala yawo, n'kuona ndi maso awo kuti metikali zalowadi, kenako m'pamene anamasula madola. Anatumiza ndalama pa nambala ya bambo Bernardo, foni ya bambowo inalira, ndipo anachita chizindikiro cha mtanda ngati munthu wotuluka m'chipatala. Mayi Zainabo anatsika pang'onopang'ono, matako atachita dzanzi, mayi Júlia akuwagwira mkono.

Theka la nandolo linali litapita, ndipo phindu la chaka chimenecho linachepa. Vuto lina linali galimoto. Imene anapangana nayo inali itanyamuka Lachinayi ndi katundu wa ena. Yopita ku Mandimba tsiku limenelo inali imodzi yokha, yoyera, yokhala ndi malo a matumba makumi atatu ndendende.

Bambo Faizali atabwera kuchokera kumzikiti anatchula mtengo. Mayi Zainabo anaudula pakati, n'kuwakumbutsa kuti matayala akumbuyo a loleyo anagula ndi iwo mu 2016. Anakangana ola lathunthu, kenako matumba anakwezedwa. Mayiwo anakana kukhala kutsogolo, koma atayang'ana matumba kumbuyoko anasintha maganizo.

Atadutsa mlatho woyamba, bambo Faizali anafunsa osawayang'ana:

"Lucas akuti akandiona akumaseka chifukwa cha senya yanu yoyamba. Koma wakana kundiuza. Inali yotani?"

"Yendetsani galimoto, bambo a Rehema," anatero mayi Zainabo. "Kutsogoloku kuli mbuzi."