Kabokosi Kodikiritsa Eyakoni

Amuna anga anali dalaivala wa minibasi ya pa Liwonde ndi Balaka, munthu wosadziwa kudikira. Tiyi ankamwa ali chiimire, hutala ankaiimba ngakhale kwa mbuzi. Sitiroko itawagwira, mbali yakumanja inafa, mawu anatha, anangotsala ndi kung'ung'udza. Tinawagoneka m'chipinda cha malata opanda siling'i, ndipo amene anakhalako ku Liwonde mu Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Thukuta linkanyowetsa matiresi, kumsana kunayamba zilonda. Anamwino anati tiziwatembenuza pafupipafupi, khungu lizikhala louma, apo ayi zilondazo zilowa mkati n'kuwatenga.

Mwana wathu wa ku Joni anatumiza eyakoni yakale yoziziritsa m'chipinda, ya bokosi loika pawindo. Koma inu, mpumulo wake! Bambowo anagona tulo ngati khanda, zilonda zinayamba kuuma m'mbali.

Koma magetsi a kwathu ali ndi makhalidwe awo. Chigayo cha kuseri chikangolira, babu ankafiira ngati khala la moto. Nthawi zina ankathima n'kuyakanso usanamalize n'kutukwana komwe. Ndiye akayaka, dera lonse limakuwa kuti "Ayakaa!" aliyense n'kuthamangira ku swichi yake. Inenso liwiro linali lomwelo, kukapotokola eyakoni mpaka kumapeto. Inkangoti hmmm, thi, kenako hmmm, thi. Tsiku lina inayamba kupemerera mphepo yotentha basi.

Tinaitana mmisiri wa ku Balaka, bambo wachikulire wa kofia yoyera. Anatsegula, ananunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Kompuresa yapsa, mayi. Ndiyo imapopa gasi woziziritsa. Ikaima mwadzidzidzi, gasi amakhala atapanikizana mbali imodzi. Mukaiyatsa pompo, mota imakankha koma osazungulira, imangokoka moto wambiri, mawaya ake n'kumatentha. Magetsi akafooka, chimodzimodzi. Akabwera mopyola muyeso, ndiye basi."

"Ndiye ndiziwauza odwalawa kuti apse kaye?" ndinawayankha mokalipa.

Sanakwiye. Anati, "Iyayi, tiwaikira alonda."

Masiku amene tinkafunafuna kompuresa ina, zilonda zinatsegukanso, china chinayamba kununkha. Ndinkachapa nsalu ndikulira, osabisa.

Mmisiri uja atabweranso anaika kompuresa, n'kuwonjezera zinthu ziwiri. China chinali sitebilaiza, chibokosi cholemera chimene chimakweza magetsi akafooka n'kuwatsitsa akakwera. China chinali kabokosi kakang'ono pa soketi, iwo ankati gadi. Magetsi akaipa kwambiri kamawadula, akabwerera kamadikira mphindi zingapo, kanyale kachikasu kali kuyaka, kuti gasi akhazikike. Kakabiriwira ndiye eyakoni imadzuka.

Sitebilaiza ndinaikonda msanga. Chigayo chikalira inkangoti tcha, eyakoni osasintha mawu. Koma kagadi aka, ayi ndithu, tinkadana. Anzanga onse mafani akuzungulira, wailesi zikuimba, ine ndili tsonga kuyang'ana kanyale kachikasu ngati ndili pa mzere wa kuchipatala.

Masana ena, dzuwa lili paliwombo, magetsi anayamba misala yawo. Kuthima, kuyaka, kuthima, kuyaka. Gadi kakati kayambe kudikira, iwo athimanso. Kenako anayaka ndithu, babu n'kuwala mbee kuposa masiku onse, koma kanyale kanafiira, eyakoni zii. M'chipinda munali ngati mu uvuni. Ndinawatembenuza bambowo, ndinawapukuta, thukuta linabwereranso. Mtima unandipsa.

"Kachinthu kopusa iwe! Magetsi ndi awa, ukufunanso chiyani?"

Ndinagwada kuti ndizule pulagi ndiilowetse pa soketi ina, yopanda alonda onsewo. Ndinamva dzanja pa chitenje changa. Linali lamanzere, lamoyo lija. Pakamwa pawo panagwedezeka kanthawi, malovu akutuluka.

"Di... dikira."

Ndinakhala pansi pomwepo. Chiwagwirireni matenda, mawu omveka anali asanatulukepo. Ndiye atuluke amenewo, kwa munthu amene sanadikirepo ngakhale pasenjala womanga nsapato! Ndinaseka, misozi ili mbwembwembwe. Ndinatenga chikatoni n'kumawakupiza, tonse maso ali pa kanyale kofiira.

Panja kunamveka phokoso. Mayi wa golosale yoyandikana nafe ankakuwa kuti filiji yake ikununkha mawaya, wa saluni naye dulaya yake youmitsira tsitsi inali itafuka utsi. Madzulo tinamva kuti magetsi anabwera okwera kwambiri mzere wathu wonse.

Kwathu kanyale kanasanduka kachikasu, tinadikirabe, kenako kanabiriwira. Eyakoni inadzuka bwinobwino, kamphepo kozizira kanafika pabedi.

Mvula isanagwe zilonda zinali zitapola. Mmisiri uja ndinawatumizira chambo chouma pa minibasi ya anzawo a amuna anga, ndipo mpaka lero ndimawapempherera, iwo Asilamu ine wa mvano. Amuna anga tsopano amayankhula pang'onopang'ono, mawu awiri atatu. Magetsi akayaka, dera lonse likukuwa, amandiyang'ana ndi diso lachipongwe. Ine ndimangokoka mpando n'kukhala pambali pawo.