Kamzere ndi Majekete a Mvula

Pamene ndinali kalaliki pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Chonde, imelo iliyonse inkayamba yadzera kwa abwana isanapite ku likulu ku Blantyre. Ankaisindikiza papepala n'kuichonga ndi bolopeni yofiira.

Dzinja lina ndinalemba imelo yokumbutsa likulu za majekete a mvula a anthu othyola tiyi. Inabwerera.

"Mukalemba a follow-up email, ikani kamzere pakati pa follow ndi up," anatero abwana. "Mawu awiriwo akufotokoza imeloyo limodzi."

Ndinakonza, ndipo poopa kubwezedwanso ndinaikanso kamzere pomwe ndinalemba we will follow up. Inabwereranso. Pamenepo akuti ndi mneni, kamzere sikafunika. Sankanama ayi, ndipo n'zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri.

Ndisanaitumize, magetsi anathima, ndipo sanayakenso tsiku lonselo.

Poweruka, mayi wina wothyola tiyi anaima pakhomo atafunda thumba la feteleza, madzi ali chuchuchu.

"Achimwene, ayankha zotani ku Blantyre?"

Ndikanawauza bwanji kuti jekete yawo yakodwa pa kamzere kochepa ngati njere ya mpunga?

"Sanayankhebe, mayi," ndinatero.

Anandithokoza, n'kubwerera mumvula.