Chifuwa Chodziwika Tsiku Lake

Pachipatala china chaching'ono aliyense amawatcha a Kenako. Pa ntchito ndi kiliniko ofesa, odwala amati adokotala, koma dzina limene linawakanirira ndi limenelo, chifukwa munthu samaliza kufotokoza matenda ake iwo asanafunse kuti, "Kenako?" Ukati mutu unayamba dzana, kenako? Ukati unamwa panado, kenako? Anamwino amachita kusuzumira pakhomo n'kuloza mzere wa anthu pabenchi, koma a Kenako samva zimenezo.

Chidwi chimenechi anabadwa nacho, ndipo n'chimene chimawadya mtima pa nkhani ya makalata. Wodwala akawakanika, amalemba kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. M'munsi mwa pepalalo muli malo oti dokotala wa kumeneko ayankhemo zimene wapeza, koma mayankho obwerako ndi owerengeka. Munthu amakwera galimoto ndi kalata yake, basi nkhani yathera m'malere. A Kenako amakhala akuganiza za anthu amenewo ngakhale pakudya, mpaka akazi awo anasiya kuwafunsa ngati ndiwo zakoma.

M'mawa wina analowa mayi wosoka zovala wa pamsika, atagwira dzanja mwana wake wamkazi wa zaka zinayi. Aka kanali kachitatu. Mwanayo anali atatsokomola pafupifupi miyezi iwiri. Ulendo woyamba a Kenako anamva kulira kwa mpweya m'chifuwa n'kumupatsa mankhwala a chibayo. Thupi linasiya kutentha, koma chifuwa chinatsala. Ulendo wachiwiri anasintha mankhwala, anayesanso opopera a mphumu, osathandiza. Apa mpamene anayamba kuganiza za TB. Poti mwana wamng'ono chotere satha kulavula makhololo, anatumiza chimbudzi chake kukapimidwa pa makina a TB, ndipo zotsatira zinali zitangofika kumene.

"TB sinapezeke," anatero a Kenako akuwerenga. "Kachilombo ka HIV alibe, malungo alibe, magazi ndi okwanira."

"Ndiye kuti ali bwino!" Mayiyo anali atayamba kale kupinda buku la chipatala la mwanayo. "Bambo ake ananeneratu kuti zikatuluka zabwino tisavutikenso, chidzatha chokha."

"Khalani kaye pansi, mayi. Makina akanena kuti sanapeze, sakuti mwana ali bwino. Kwa ana TB imatha kubisala. Ndipo taonani sikelo, watsika. Ndikulemba kalata, mupite naye kwa dokotala wa ana."

Nkhope ya mayiyo inagwa. Ulendo wa mumzinda unatanthauza kutseka makina osokera, pomwe mayunifolomu a eni ake anali mulu. Ndipo kunyumba akanena kuti chiyani, poti mapepala onse akuti mwana alibe kanthu? A Kenako anaona okha kuti kalatayo ikhoza kukathera pansi pa matiresi, mwana n'kumangotha pang'onopang'ono. Zinawadetsa nkhawa kwambiri.

Anayamba kulemba: zaka za mwana, kulemera kwake, mankhwala amene wamwa, zotsatira zonse, ndi kuti pakhomo palibe wodwala TB. Anaikanso choyezera pamsana pa mwanayo kuti alembe zimene akumva lero. Kumanzere mpweya unkalowa bwinobwino. Kumanja m'munsi unkalowa mochepa, ndi kakhweru kamodzi komweko, pamalo omwe aja anakamva ulendo woyamba. Mphumu imalira mbali zonse ziwiri. Nanga ichi chikonderanji mbali imodzi?

Atafika pofotokoza mmene matenda anayambira, cholembera chinaima. Anazindikira kuti maulendo onse aja anafunsa kuti chifuwa chatha nthawi yaitali bwanji, ndi zonse zimene zinatsatira, koma sanabwerere kumayambiriro kwenikweni. Iwo, a Kenako, anali atangofunsa zakutsogolo zokhazokha.

"Mayi, chifuwachi chinayamba pang'onopang'ono?"

"Ayi, chinayamba Lachisanu masana, tsiku limene ndinkamalizitsa diresi la mkwati."

A Kenako anaika cholembera pansi. TB siibwera ndi tsiku lake, imachita kukwawa mwakuti mayi sanganene kuti inayamba liti.

"Mukukumbukira bwanji tsiku limenelo?"

"Ndingaiwale? Ndinali kusokerera mikanda pachifuwa pa diresi, eni ake atandikhalira pakhosi. Uyu amakonda kukhala pansi pa tebulo kumatola zogwa. Ndinangomva watsamwa."

"Kenako?"

"Anatsokomola mpaka maso kutuluka misozi, milomo kuda. Ndinam'menya pamsana, ndinam'mwetsa madzi, n'kukhala bwino. Anayambanso kusewera."

"Chinatuluka chilichonse?"

"Sindinaone. Ndimati wameza, chidzatuluka kuchimbudzi." Mayiyo anawayang'ana modabwa. "Koma adokotala, zija zinatha tsiku lomwelo. Si matenda."

A Kenako anatembenuza kapepala n'kujambula njira ziwiri, ina yopita kumimba, ina yopita kumapapo, ikugawikana pawiri. Anafotokoza kuti kanthu kakang'ono kakalowa njira ya mpweya kamakonda kutsikira kumanja, ndipo kakakhazikika mwana amaleka kutsamwa, aliyense n'kumati zatha. Koma kuseri kwake mapapo amadwala, mankhwala n'kungoziziritsa, matenda n'kubweranso.

"Sindikulumbira kuti ndi mkanda," anatero. "Kuno ndilibe choonera m'kati. Koma ngati ulimo, sudzatuluka ndi mankhwala anga."

Mayiyo anayang'anitsitsa chithunzi chija. Anachipinda n'kuchiika m'chikwama. "Ichi ndikawaonetse bambo ake. Zakuti sanapeze kanthu sangazimve, koma mkanda aumva."

M'kalata a Kenako anawonjezera za kutsamwa kuja, za mpweya wochepa kumanja, ndi kuti mikandayo ndi yapulasitiki, yomwe pa ekisire singaoneke. Anapempha kuti dokotala aganizire zoona m'njira ya mpweya ndi kachipangizo koonera m'kati, osaiwalanso TB. Anasaina, anadinda chidindo, n'kuimba foni kuchipatala chachikulu kuti amuyembekezere mawa lake. Pomaliza analoza malo opanda kanthu aja m'munsi mwa pepala.

"Apa muwapemphe alembepo. Akatanganidwa, mudzandiuze ndinu."

Masabata anadutsa. Popita kumsika a Kenako ankadzera dala pakhonde la osoka, n'kupeza makina a mayi uja atavindikiridwa ndi nsalu. Anzake ankangoti akadali kuchipatala. Akazi awo a Kenako anafika ponena kuti mwina angosamukira konko, poti mtima wawo unapita kale.

Tsiku lina lotanganidwa, mzere utafika mpaka panja, analowa mayi uja ndi mwana wake. Sanakhale n'komwe pampando. Anaika patebulo pepala lija, m'munsi mwake mutalembedwa mizere ingapo ya dokotala wa ana, ndi kabotolo kakang'ono. M'kabotolomo munali kamkanda koyera, kosaposa njere ya nyemba.

"Pa ekisire sunaoneke," anatero mayiyo. "Koma dokotala anawerenga kalata yanu kawiri, anandifunsanso za Lachisanu lija. Anamugoneka tulo, analowetsa kachipangizo kukamwa, n'kuutulutsa. Tinakhalitsa chifukwa mapapo anali ndi mafinya."

A Kenako anakweza kabotoloko kuwindo, akukatembenuza uku ndi uku ngati mwana. Anaitana mtsikanayo, anaika choyezera kumanzere, kenako kumanja. Mpweya unkalowa mofanana, wopanda kakhweru. Anamvetsera nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira, chifukwa zinkawakomera.

"Atautulutsa, kenako?" anafunsa, choyezera chili m'makutu.

Mayiyo anaseka, koma maso ake anali atalengeza misozi.

"Kenako tinagona, adokotala. Ine ndi mwana wanga, mpaka kunja kucha."