Funso Limene Fyuzi Ankalidumpha

Kuntchito ankamutcha Fyuzi, dzina la kawaya kamene kamapsa magetsi akachuluka, poti sankachedwa kupsa mtima. Anakulira pamapolo a magetsi, koma mayeso a kayendedwe ka magetsi m'malaini akuluakulu anali atamugwetsa kawiri. Anzake anakhoza n'kukwezedwa, iye n'kutsala m'kachipinda ka lendi ka mpando umodzi.

Kutatsala masabata ochepa kuti alembenso, mlongo wake anadzamuona. Anapeza mapepala a mayeso akale ali mbwee patebulo, ochongedwa bwinobwino.

"Achimwene, mukukhozatu! Nanga funso ili bwanji mukulidumpha pepala lililonse?"

Linali funso la shoti, lowerengera kukula kwa kalenti, mphamvu ya magetsi, mawaya akagundana, kuti munthu asankhe buleka yoyenera yodulira magetsiwo. Fyuzi ankangobwereza mafunso a thiransifoma, amene ankawadziwa ngati dzina lake. M'nyumbamo munalibe wina womuuza kuti wakhoza, koma tizizindikiro tochonga tija.

"Wabwera kudzandiona kapena kudzandiyesa?" anakalipa.

Mlongoyo anatsanzika msanga.

Mawa lake Fyuzi anagawa nthawi yake mwatsopano. M'mawa uliwonse, mutu usanatope, ankalimbana ndi shoti yokhayokha. Loweruka ankalemba pepala lathunthu, wotchi ili patsogolo, osadumpha funso, osasuzumira mayankho. Zimene walakwazo ndizo zinkakhala ntchito ya sabata yotsatira.

Pepala loyamba linatuluka lili ndi mitanda yambirimbiri. Mtima unamuwira, anatembenuka kuti akalipe, koma m'chipindamo munalibe womukalipira. Anakokera mpando pafupi, n'kusongola pensulo.