Imelo imene inabwera yopanda chithunzi

Mpaka lero munthu akanditumizira uthenga wakuti "onani chithunzi ndaphatikiza" chithunzicho palibe, ndimamuimbira nthawi yomweyo n'kumukalipira. Ana anga amati ndimachita kuwonjeza. Asiyeni atero, sanaliko.

Nthawi imeneyo matipate anali atakhazikika, Angwazi atapita kale, ndipo ine ndinali kalaliki pa ofesi ya bungwe la alimi pamalo ena ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa tala ku Dowa. Ofesiyo inali chipinda chimodzi chonunkha fetereza. Kompyuta inali imodzi, foni imodzi, ndipo ziwirizi zinkadyera waya umodzi: ukalumikiza kompyuta kuti ulandire imelo, foni siigwira, ukanyamula foni, kompyuta yaduka. Imelo ikabwera kuchokera kulikulu ku Lilongwe, ndinkaisindikiza papepala, n'kumasulirira atcheyamani a alimi, iwo n'kukauza makalabu a ku Dzoole, Chisepo ndi kwina konse. Kwa alimiwo imelo inali kalata basi, kalata yodzera m'waya.

Chaka chimenecho ng'ombe zinkabedwa koopsa. Munthu ng'ombe ziwiri za ngolo zimene wazisunga moyo wake wonse, kudzuka m'mawa khola lili pululu. Anthu anali atakwiya kale.

Tsiku la msika m'mawa ndinalumikiza kompyuta, imelo n'kulowa. Inali yochenjeza maofesi onse kuti pali munthu wachilendo amene akuyenda m'midzi kumafunsa mitengo ya ng'ombe, kenaka ng'ombezo zimasowa, ndipo cha ku Ntchisi anakhapa mwini khola ndi chikwanje. Mzere womaliza unati chithunzi chake tachiphatikiza, chionetseni alimi.

Ndinayang'ana pamwamba, ndinayang'ana pansi. Kachizindikiro ka kawaya kopanira mapepala, kamene kamaoneka imelo ikabwera ndi katundu, kanalibe. Imeloyo inalowanso mwachangu, pamene chithunzi pa waya wathu uja chinkachita kukwawa. Ndinayankha pomwepo kuti bwana, chithunzi sichinafike, tumizaninso.

Atcheyamani anafika ndikulemba zimenezo. Anali bambo wamkulu thupi, wa mawu okweza, ndipo nawonso anali ataberedwa ng'ombe chaka chomwecho. Nditawamasulira ndinati, "Koma tidikire chithunzi, bambo. Mawu okhawa akhoza kugwera aliyense."

"Inu amayi, sindikizani. Kudikira kumeneko ndi kumene kwatitha."

Anali abwana anga, ndinasindikiza. Anatenga pepalalo n'kupita nalo kumsika.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva chiphokoso chikubwera. Mluzu, mfuu, ana akuthamanga kutsogolo. Anthu ankabwera ndi munthu kuofesi kwathu kuti adzamufanizire ndi chithunzi. Ndinatuluka pakhonde kuti ndimuone munthuyo. Anali atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi anga.

Atsibweniwo anali atakhala zaka zambirimbiri ku mapulazi a ku Zimbabwe, ndipo anali atangobwera kumene. Kumsika kuja panalibe wowadziwa. Chichewa chawo chinali chitapindika, akamalankhula ankasakaniza ndi Chishona. Anabwera ndi maganizo amodzi okha, ogula ng'ombe za ngolo kuti azilima kwawo, ndiye tsiku limenelo anazungulira msika wonse kufunsa amene angagulitse ng'ombe. Mlendo wofunsa mitengo ya ng'ombe! Anthu sanafunenso umboni wina.

Malaya anali atang'ambika kale, mlomo utatupa, magazi akutsika pachibwano. Manja anawamanga kumbuyo ndi lamba wa mphira, uja womangira katundu panjinga.

"Asiyeni! Amenewa ndi atsibweni anga!" ndinakuwa.

Mayo ine, sindinadziwe kuti mawu amenewo ndiwo awapha. Bambo wina wogulitsa nyama, mpeni wake uli m'chiuno, anatsomphola pepala lija m'manja mwa atcheyamani n'kulikweza m'mwamba.

"Mwamva? Ndi atsibweni ake! Kalata ikuti chithunzi chilipo. Chili kuti? Wachithothola uyu, wabisa mbale wake!"

Anthu athu kalata amaidziwa. Ikanena kuti pali chophatikiza, ndiye kuti chinalipo, ndipo ngati palibe, wina wachotsa. Anayamba kupatsirana pepalalo, kuliunika padzuwa, kufunafuna timabowo ta sitepula pakona. Wina anati timabowoto akutiona. Timabowo pa pepala limene ndinalitulutsa ndekha m'makina m'mawa womwewo!

"Chithunzi sichinabwere! Amene anatumiza anaiwala!"

"Bwana wa ku Lilongwe angaiwale? Iwe usatipusitse!"

Mayi wina anandimenya khofi kumaso, wina anandikoka duku. Anyamata analowa mu ofesi, kukhuthula madilowa, kutembenuza mafayilo, wina mpaka kusuzumira kuseri kwa kompyuta ngati chithunzi chagwera kumeneko. Atcheyamani ndiwo anawatulutsa. Kenaka anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu, nati, "Ngati simunabise, chitulutseni. Ine anthu awa sindingawagwire nthawi yaitali."

Ndinaimbira apolisi kaye. Anati akubwera, koma ku boma n'kutali. Kenaka ndinaimba kulikulu. Bambo amene anatumiza imeloyo anayankha mosatekeseka, akutafuna chinachake.

"Ndinaphatikiza, mayi. Yang'anani bwino. Mwina simudziwa potsegulira."

Ndinapsa mtima. "Bwana, tsegulani kumene kumakhala zimene mwatumiza, muone ngati pali kawaya. Pano akupha munthu!"

Ndinamva akudina, kenaka: "Aa, zoona. Pepani. Chithunzicho chili pa kompyuta ya mnzanga amene anachijambula pamakina, dikirani ndikachitenge."

Pepani! Panja anali atawagwetsa pansi atsibweni. Pawindo ndinkaona misana ya anthu ndi manja akukwera ndi kutsika. Wina anazula mtengo pa mpanda wa ofesi. Ndinkamva kulira kwa mtengo pathupi, phu, phu, ndi mawu a atsibweni akutchula mudzi wathu, akutchula dzina la agogo anga, koma m'kalankhulidwe kawo kachilendo kaja, ndipo anthu ankangoseka n'kumawayeserera. Ankafuna awauze kumene kuli ng'ombe. Akanena kuti sakudziwa, mtengo.

Ndinaika foni pansi, ndinalumikiza kompyuta. Inalira kulira kwake kuja ngati mphaka wopondedwa, n'kugwira. Palibe chatsopano. Ndinadina kachiwiri. Palibe. Ndinkafuna kuimbanso kuti ndimufulumize munthu uja, koma ndikanyamula foni ndidula njira ya chithunzi. Ndinkafuna kutuluka ndikadzigwetse pa atsibweni, koma ndikachoka pampando palibe wina wodziwa kudina. Ndinakhala pomwepo ndikulira ngati mwana, atcheyamani ataima kumbuyo kwanga.

Kenaka kompyuta inaonetsa kuti ikulandira uthenga, ndipo unali waukulu. Kamzere kosonyeza kulowa kwake kanayamba kudzaza pang'onopang'ono. Kali pakati, mwala unaswa windo, galasi n'kumwazikira patebulo. Mnyamata wina analowa, nanyamula foni kuti aimbire achimwene ake abwere adzaone wakuba. Kompyuta inaduka.

Sindinamenyepo munthu chibadwire, koma tsiku limenelo ndinamuswa ndi sitepula pamphumi mpaka magazi. Atcheyamani anamuponyera kunja n'kutseka chitseko ndi msana wawo. Ndinalumikizanso, ndipo uthenga uja unayambiranso pachiyambi penipeni.

Panja phokoso linali litasintha. Kunalibenso kufunsa za ng'ombe. Ndinamva wina akuitanitsa tayala, wina akuti palafini agule ndani. Atsibweni sindinkawamvanso.

"Bambo, tulukani mukawauze kuti chikubwera!"

Atcheyamani anatsegula chitseko nakuwa kuti chithunzi chili m'njira, adikire. Mawu awo aakulu aja anathandiza pa tayala pokha. Moto sanayatse.

Imelo inalowa, kawaya kali pambali pake. Ndinatsegula. Anali mnyamata, mwina wa zaka za m'ma twente, wonenepa masaya, woyererako, wa mpata kumano. Atsibweni anali nkhalamba yakuda, yowonda, ya imvi mutu wonse.

Atcheyamani anawerama, anayang'ana, anagwira pakamwa. "Si uyu," anatero motsitsa, ngati akudziuza okha.

Ndinasindikiza, makina akukoka pepala mwaulesi wawo, ndipo ndinatuluka nalo ndikuthamanga. "Nachi chithunzi chanu! Bwerani muone, agalu inu! Si mumachifuna?"

Palibe amene ankachifunanso. Ndinachikankhira kumaso kwa wogulitsa nyama uja, iye anatembenuka n'kumapita ku benchi yake. Mayi amene anandimenya khofi anamanga mwana wake bwinobwino kumsana nalowa m'chigulu. Anthu anangosungunuka, wina uku wina uko, ena kubwerera kukagulitsa tomato. Pabwalo panatsala mitengo, njerwa zoduka, tayala, ndi atsibweni atagona chammbali, manja akadali kumbuyo.

Ndinamasula mphira uja ndi mano. Mutu unali utaphwanyika pamwamba pa khutu, diso limodzi litatsekeka. Ankapuma mokoka. Ndinawaitana, "Atsibweni, ndine, chithunzi chabwera, aona kuti si inu." Sindikudziwa ngati anamva. Apolisi anafika, tinawakweza m'galimoto yawo, ndipo anatsirizikira pamiyendo panga tisanafike kuchipatala.

M'mawa mwake, ndisanapite kumaliro, ndinadzera ku ofesi kukatseka windo ndi katoni. Munali imelo ina yochokera kwa bambo uja, yopita ku maofesi onse, ya mizere iwiri, yopepesa kuti dzulo anaiwala kuphatikiza chithunzi. Ndimadana naye munthu ameneyo mpaka lero, ngakhale nkhope yake sindinaionepo. Anthu a kumsika aja ndimadana nawo koposa, ndipo ena ndimakumana nawo kutchalitchi.

Atcheyamani anabwera kumaliro ndi thumba la chimanga, anakhala kutali, sanadye. Titaika maliro, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanandifunse kuti zinayenda bwanji, anali atamva kale kwa anthu.

"Chithunzicho uli nacho?"

Ndinachitulutsa m'chikwama, chitapindika, chili ndi magazi pakona. Amayi sadziwa kuwerenga, ndipo kompyuta sanaionepo. Anachigwira ndi manja awiri, anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anayang'ana nthawi yaitali mnyamata wonenepa uja.

"Ngakhale makutu sakufanana," anatero, nandibwezera.