Mafelemu Amene Anabwera pa Kabaza

Ine ndagwira ntchito ya akaunti pasukulu ina m'chigwa cha Domasi kwa zaka zambiri, koma satifiketi imene inanditulutsa thukuta ndi yolipirira ntchito yomanga hositelo ya atsikana, ija inafika Idi itatsala pang'ono.

Akontrakitala athu anali bambo wa sitolo ya hadiweya pamsewu wa ku Liwonde, munthu wabwino koma wokonda kuwerengera ndalama isanalowe m'thumba. Amisiri awo anali atawauza kale kuti akapanda kulandira malipiro Idi isanafike, ataya zipande zawo n'kupita kukakolola mpunga, hositelo ikhale yopanda denga. Akontrakitala sanatekeseke. Anali atagula ndi mbuzi ya Idi yomwe, n'kuimangirira pamtengo wa mango kuseri kwa ofesi yanga.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wa ku Zomba amene ankayeza ntchito n'kuiika mtengo. Anazungulira pamalo omangapo hositeloyo ndi tepi yawo, kenaka anandipatsa satifiketi kuti ndiiunike ahedi asanasainire. Akontrakitala anakoka mpando n'kukhala pafupi nane ngati tikwera minibasi.

Ndinayamba pamwamba, pa mtengo wa ntchito yonse kuchokera tsiku loyamba. Iwo anamwetulira.

"Apa tichotsa ritenshoni," ndinatero. "Pa handiredi iliyonse tisunga teni. Theka mudzalandira mukamaliza, theka lina ikadzatha nthawi yoonera ngati khoma siling'aluka."

"Ndiye kuti mukundiganizira kuti khoma langa ling'aluka, achimwene?"

"Sindine, ndi kontrakiti. Munasaina nokha."

Kenaka ndinachotsa twente pa handiredi iliyonse yobwezera adivansi imene tinawapatsa poyamba. Apa anavula chipewa. Akuti iwo ankayesa kuti adivansi timakambirana kumapeto, ngati anthu. Nditachotsanso zonse zimene tinawalipira pa masatifiketi am'mbuyo, chotsala chinali chochepa moti ine ndemwe ndinachita manyazi. Malipiro a amisiri sankakwana.

"Nanga mafelemu anga ali pati?" anafunsa. Anali atalemba mafelemu achitsulo a zitseko ndi mawindo pa pempho lawo, koma mayi aja anawadula.

"Kontrakiti imalipira katundu amene wafika pamalo," mayiwo anayankha. "Ine sindinaone felemu ngakhale limodzi."

"Ali kusitolo, mayi. Kuno angabedwe."

"Kusitolo kwanu si pamalo. Ndikawaona ndisanakwere minibasi, ndiwalemba."

Sindinaonepo munthu wamimba yaikulu ngati akontrakitala akuthamanga chotero. Pasanapite nthawi tinamva mabelu. Ndinatuluka, ndipo zimene ndinaona, eee. Anyamata onse a kabaza a pasiteji anali pamzere, aliyense atavala felemu m'khosi, nkhope ikuonekera pakati ngati chithunzi cha paukwati. Wina anakodwa m'nthambi, wina anagwera m'munda wa chinangwa wa ahedi. Ana anatuluka m'kalasi, aphunzitsi nawo anangotsatira. Kumbuyo kwenikweni kunali akontrakitala, atakwezedwa pakaliyala, akukumbatira felemu la windo la kubafa.

Mayi aja anawerenga limodzilimodzi, kuyeza ndi kufananiza ndi malisiti. Awiri anawakana chifukwa anapindika m'munda wa chinangwa uja. Anakonza satifiketi, ine n'kuyambiranso kuunika.

"Teni ya ritenshoni," ndinatero.

"Pa mafelemunso?"

"Ndi twente ya adivansi."

"Achimwene, mafelemuwa angofika kumene. Asapume n'komwe?"

Ndinaseka mpaka kalikuleta inagwa, komabe mtima unali m'mwamba, chifukwa amisiri anali ataunjikana pawindo, akudikira. Ndinawerenga kawiri. Ndalama inakwana malipiro awo, n'kutsala yoti munthu agule shuga ndi machesi. Ahedi anasaina, akontrakitala n'kukatenga cheke.

Apa m'pamene a kabaza anakhosomola. Ulendo wonse uja unali wa ngongole. Akontrakitala anasisita matumba, anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kudenga. Mapeto ake anapita kuseri n'kukamasula mbuzi, n'kulipira nayo. Inachoka pa kabaza nayonso, ikulira njira yonse.

Madzulo akontrakitala anafuna kubweza mafelemu kusitolo. Mayi aja anakana: katundu wolipiridwa sachokanso pamalo. Tinafufuza chipinda cha loko yolimba pasukulu ponse, ndipo chinapezeka chimodzi chokha. Ofesi yanga.

Kwa mwezi wathunthu ndinkafika patebulo langa podutsa m'mafelemu, chowerama, kugunda mutu, kung'amba malaya. Ndinakwiya kwambiri, sindinama. Akontrakitala ankabwera Lolemba lililonse, akuti kudzazonda ritenshoni yawo, n'kumagogoda pafelemu lililonse asanandipeze.

Idi itatha amisiri onse anabwerera kuntchito. Mmodzi anandibweretsera mpunga ndi nyama m'kontena, n'kundipatsira kudzera pawindo la kubafa lija. Ndinapatula zina kusungira akontrakitala, poti ndinamva kuti kwawo chaka chimenecho anadyera nyemba.