Funso la Towera pa Vidiyo ya Sisitala Yvonne

Yvonne Kachale, namwino wa ku Ntcheu, anafika ku Karonga osadziwa ngakhale moni wa Chinkhonde. Anali mkazi wa pakamwa, wosasunga mawu m'masaya. Ataona kuti amayi akuchita naye manyazi ku sikelo, anayamba kuwalankhulira pa TikTok za kulera, ndipo anthu anamutsatira mpaka ku midzi ya ku Hara.

Sankajambula chisawawa, ayi. Ankasankha funso limodzi m'makomenti n'kulemba m'kope zoti anene: poyamba mawu okola munthu asanapitirire, kenako funsolo, yankho lake, pomaliza kupempha mafunso ena.

Tsiku lina mayi wina, Towera, analemba kuti waikitsa njira yolera ya pamkono, kodi mwamuna wake angaizindikire? Yvonne anaona kuti funso ili ndi la amayi ambiri. Analemba mzere woyamba: "Abambo angadziwe kuti mukulera?" Pansi pake analemba zoona zokhazokha, kuti kachubu kamene amaika pamkonopo sikaoneka, koma ukasindikiza mkati mwa mkono, pamwamba pa chigongono, kamamveka ngati kamtengo ka machesi. M'mbali anawonjezera kuti aloze pamkono pake.

Kenako anadina poyankha komenti ndi vidiyo. Ukatero, komentiyo imamatika pa vidiyopo pamodzi ndi dzina la mwini wake. Yvonne ankazidziwa bwino izi, ndipo ankazikonda chifukwa ofunsa amanyadira kuona dzina lawo. Mutu wake wonse unali pa mzere woyamba uja, kalanga ine!

Vidiyo inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Anyamata a kabaza pa depoti anaionetsa mnzawo Golden, mwamuna wa Towera, uku akumuseka kuti lobola anaperekera mkazi wodzisandutsa chumba. Golden anasiya njinga pomwepo. Kunyumba anatseka chitseko, anamenya mkazi wake ndi mpini mpaka dzino kuthyoka, anamuponda pakhosi ndi bondo, n'kufufuza pamalo pomwe namwino analoza. Kachubuko anakatulutsa ndi lezala. Anansi anachita kuthyola chitseko, ndipo apolisi anamutenga Golden manja ali magazi okhaokha.

Anansiwo anamubweretsa Towera ku chipatala Yvonne ali pa ntchito. Atawerenga dzina pa buku la odwala, Yvonne analizindikira pomwepo. Anathamangira ku chimbudzi kukafufuta vidiyo ija, koma inali itafalikira kale pa WhatsApp. Anadzida Yvonne, anadzitukwana, analira. Atabwerera anatsuka bala la pamkono pa Towera, adokotala n'kusoka. Yvonne anayamba kupepesa.

Towera anamuyang'ana ndi diso limodzi lomwe silinatupe. Anati ana ali nawo asanu, womaliza anatsala pang'ono kumupha pobereka. Kenako anatambasula mkono wosavulalawo.

"Asisitala, ikani kena kuno. Koma musakauzenso anthu."